Satifiketi ya HTTPS: kuika n'kwa mphindi zochepa, koma imatha pa masiku 90

Munthu akatsegula webusaiti ya bizinesi yanu n'kulemba dzina lake, nambala ya foni ndi pasiwedi, zimene walembazo sizifika kwa inu molunjika. Zimayamba zadutsa pa netiweki ya malo amene iye ali, kaya ndi ofesi, hotela kapena shopu ya intaneti, kenako kukampani yamafoni, ndi makina ena ambiri a m'njira. Ngati adiresi ya webusaitiyo imayamba ndi `http://`, zonsezi zimayenda zosabisa. Zili ngati kupatsira kondakitala wa minibasi kalata yosamata: mwina sawerenga, koma palibe chomuletsa, ndipo akafuna atha kufufuta nambala ya akaunti imene mwalembamo n'kuikapo yake.

Kusintha uthenga kumeneku n'kumene eni mabizinesi ambiri sakuganizira. Ena amati, "Ife pawebusaiti pathu sitilandirirapo ndalama, tangolembapo mitengo ndi nambala yolipirira." Nambala yolipirirayo ndi imene wakuba akufuna. Munthu amene ali ndi mphamvu pa netiweki ya panjira angasinthe tsamba lanu lisanafike pa foni ya kasitomala, ndipo inu kapena kasitomalayo simuona chilichonse chachilendo. Adiresi yoyamba ndi `https://` imatseka mpata umenewu: uthenga umabisidwa kuchokera pa foni mpaka pa seva yanu, ndipo wina akausintha panjira, foniyo imaukana.

Kubisa kokha sikukwanira, chifukwa mungathe kubisa uthenga bwinobwino koma mukuutumiza kwa munthu wolakwika. Apa ndi pamene satifiketi imalowerera. Ndi kafayilo kamene kali ndi dzina la webusaiti yanu, kiyi wanu wapoyera, tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo kamasainidwa ndi bungwe limene mapulogalamu otsegulira intaneti, monga Chrome, Firefox ndi Safari, amalikhulupirira kale. Pa seva pamatsala kiyi wina wachinsinsi amene sayenera kuchokapo. Foni ya kasitomala ikafika, imaona ngati dzina lili pa satifiketi ndi lomwe lili pa adiresi, ngati siginecha ili yoona, ndi ngati masiku ake sanathe. Chimodzi chikalakwika, m'malo mwa tsamba lanu kasitomala amaona chenjezo lodzaza sikirini yonse.

Satifiketi wamba imangotsimikizira kuti dzina la webusaitilo lili m'manja mwa amene akuligwiritsa ntchito. Sinena kuti munthuyo ndi wachilungamo. Akathyali nawonso amatenga masatifiketi a mawebusaiti awo abodza, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Chrome inachotsera kachizindikiro ka loko pambali pa adiresi mu 2023: anthu ankakatenga ngati umboni woti malowo ndi odalirika. Choncho kukhala ndi satifiketi sikukupatsani mendulo. Kusakhala nayo ndiye kumakuikani chizindikiro, pakuti kuyambira mu Julaye 2018 Chrome imalemba mawu akuti `Not secure` pambali pa webusaiti iliyonse ya `http://`.

Kale satifiketi inkagulidwa chaka ndi chaka ndi ndalama zakunja. Zinthu zinasintha kumapeto kwa 2015 pamene Let's Encrypt, yoyendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu la ku America, inayamba kupereka masatifiketi kwa aliyense kwaulere. Kabisidwe ka satifiketi yaulere n'kofanana ndi ka yogula. Ngati amene anakukonzerani webusaiti akulipiritsa pa nkhaniyi, mukulipira ntchito yake, ndipo zimenezo n'zomveka, bola anene choncho poyera.

Tiyerekeze loji ina ya m'mbali mwa nyanja imene alendo amasungitsa zipinda kudzera pa webusaiti yake, ndipo adiresi yake tiitche `example.com`. Ngati lojiyo imachita lendi malo pa kampani yosunga mawebusaiti imene imagwiritsa ntchito cPanel, ntchito ndi yochepa: pa tsamba lotchedwa `SSL/TLS Status` pamakhala batani la `Run AutoSSL`, ndipo kampaniyo ikakhala kuti inayatsa zimenezi, satifiketi imabwera yokha n'kumadzikonzanso yokha. Nkhani imakula lojiyo ikakhala ndi seva yakeyake. Tinene kuti ndi ya Ubuntu, ndipo masamba amaperekedwa ndi Nginx.

Pali zinthu ziwiri zofunika kukhala m'malo musanalembe lamulo lililonse. Dzina la webusaiti liyenera kukhala likuloza kale ku seva imeneyi, ndipo makomo awiri a seva, amene akatswiri amawatchula ndi manambala 80 ndi 443, ayenera kukhala otsegula. Khomo 443 ndi lodutsira uthenga wobisika, ndipo khomo 80 ndi lakale lija. Zikatero, pulogalamu yotchedwa Certbot imaikidwa n'kuyendetsedwa motere:

```
sudo apt install certbot python3-certbot-nginx
sudo certbot --nginx -d example.com -d www.example.com
```

Taonani kuti mayina alembedwa awiri. Kwa makina, `example.com` ndi `www.example.com` ndi malo osiyana, ndipo mukaiwala limodzi, alendo olemba dzina loiwalikalo amakumana ndi chenjezo pamene anzawo akulowa bwinobwino.

Zimene zimachitika m'masekondi otsatirawo ndi zoyenera kuzimvetsa, chifukwa mavuto a m'tsogolo amachokera pomwepa. Let's Encrypt siikudziwani, ndipo siifunsa chiphaso cha bizinesi. Imangopatsa Certbot kachizindikiro ka zilembo zosakanikirana n'kuiuza kuti ikaike pa webusaitiyo, pansi pa `/.well-known/acme-challenge/`. Kenako makina ake, ali kutali, amagogoda pa khomo 80 la dzina lanu kufunafuna kachizindikiroko. Akakapeza, ndiye kuti dzinalo lilidi m'manja mwanu, ndipo satifiketi imatuluka. Certbot imaisunga mu `/etc/letsencrypt/live/example.com/`, imasintha makonzedwe a Nginx, ndipo imakonza zoti wolemba `http://` azitumizidwa yekha ku `https://`. M'foda imeneyi fayilo ya `privkey.pem` ndiye kiyi wachinsinsi uja. Sayenera kutumizidwa pa WhatsApp kapena pa imelo, ngakhale kwa mwini bizinesi.

Tsiku loyamba pamakonda kutsala kavuto kamodzi. Tsamba limabwera pa `https://` koma zithunzi ndi timafayilo tina m'kati mwake tidakalembedwa ndi `http://`, ndiye Chrome imatsekereza tina mwa ito, tsamba n'kuoneka lophwasuka kapena batani losungitsira chipinda n'kusiya kugwira. Mankhwala ake ndi kusintha maadiresi akalewo. Pa WordPress mumayambira pa `Settings`, kenako `General`, pamene adiresi ya webusaiti yalembedwa kawiri.

Satifiketi ya Let's Encrypt imakhala masiku 90. Ya loji yathu ikatuluka pa 1 Malichi, imatha pa 30 Meyi. Palibe amene amayembekezeredwa kukumbukira tsikuli, chifukwa Certbot imasiya pa seva kawotchi kamene kamaidzutsa kawiri pa tsiku. Ikadzuka imayang'ana masiku otsala, ndipo akafika pafupifupi 30 imapempha satifiketi yatsopano podutsa m'mayeso omwe aja a khomo 80. Kwa loji yathu kuyesa koyamba kungagwe cha pa 30 Epulo. Masiku 30 otsalawo anasiyidwa dala kuti chinachake chikalakwika pakhale nthawi yochikonza.

Koma nthawi yokonzera ilibe ntchito ngati palibe amene akudziwa kuti pali cholakwika. Tinene kuti m'mwezi wa Malichi womwewo wina, pofuna kulimbitsa chitetezo, watseka khomo 80 poganiza kuti silikufunikanso popeza zonse zikudutsa pa 443. Webusaiti ikugwirabe ntchito, alendo akusungitsa zipinda, palibe wodandaula. Pa 30 Epulo Certbot ikuyesa, makina a Let's Encrypt akugogoda, palibe woyankha. Ikuyesanso madzulo, mawa lake, mwezi wonse, ndipo ulendo uliwonse ikungolemba kulepherako mu `/var/log/letsencrypt/letsencrypt.log`, fayilo imene mwini loji sanaionepo. Pa 30 Meyi satifiketi ikutha, ndipo aliyense wotsegula webusaitiyo akuona `Your connection is not private`, ndi pansi pake `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`. Mlendo wofuna kulipira chipinda safunsa chimene chachitika, amangotseka n'kukayang'ana loji ina.

Kale Let's Encrypt inkatumiza imelo yochenjeza kuti satifiketi yatsala pang'ono kutha, koma inasiya mu Juni 2025. Ndipo ngakhale makampani akuluakulu, okhala ndi akatswiri ambirimbiri, agwapo m'mbunayi: mu Febuluwale 2020 Microsoft Teams inaima kwa maola angapo chifukwa cha satifiketi imene sinakonzedwenso pa nthawi yake.

Njira yodziwira zoona mwezi wa mavuto usanafike ndi malamulo awiri:

```
sudo certbot renew --dry-run
sudo certbot certificates
```

Loyamba limayeserera ntchito yonse yokonzanso popanda kukhudza satifiketi yeniyeni, ndipo khomo likakhala lotseka kapena dzina likakhala likuloza ku seva ina, limanena pomwepo. Liyenera kuyendetsedwa tsiku loika satifiketi, komanso nthawi iliyonse imene wina wagwira makonzedwe a seva kapena wasamutsa webusaiti. Poyesayesa, gwiritsani ntchito lomweli, osati kupempha satifiketi yeniyeni mobwerezabwereza, chifukwa Let's Encrypt imalola masatifiketi asanu okha a mayina ofanana ndendende pa sabata, ndipo akakwana mumadikira. Lamulo lachiwiri limaonetsa tsiku lothera ndi masiku otsala. Masiku akatsika kufika pa 20, dziwani kuti kukonzanso kwakhala kukulephera kwa masiku khumi.

Mwini bizinesi amene sadziwa za seva angathenso kuona tsikuli yekha: pa kompyuta, dinani kachizindikiro ka kumanzere kwa adiresi mu Chrome, lowani pa `Connection is secure`, kenako `Certificate is valid`. Kuchita izi kamodzi pa sabata ziwiri kapena zitatu n'kokwanira kugwira vuto lisanafike kwa makasitomala. Palinso mawebusaiti olondera amene amatumiza uthenga masiku akachepa, ndipo uthengawo uzipita ku imelo imene wina amaitsegula tsiku ndi tsiku, osati ya mnyamata amene anakonza webusaiti zaka zitatu zapitazo n'kupita ku Joni.

Si chenjezo lililonse limene limachokera kwa inu. Kasitomala mmodzi yekha akamadandaula pamene ena onse akulowa, mufunseni tsiku limene foni kapena kompyuta yake ikuonetsa. Wotchi yosokonekera imachititsa satifiketi yabwino kuoneka ngati yatha kapena sinayambe. Mafoni akale kwambiri, a Android yotsikira pa 7.1.1, sazindikira siginecha ya Let's Encrypt, ndipo pa amenewo chothandiza ndi kutsegula ndi Firefox, imene imayenda ndi mndandanda wakewake wa mabungwe okhulupirika.

Amene amagula satifiketi kuti athawe masiku 90 sathawa kwa nthawi yaitali. Mu Epulo 2025 makampani opanga mapulogalamu otsegulira intaneti ndi mabungwe opereka masatifiketi anagwirizana kufupikitsa moyo wa satifiketi iliyonse, yogula kapena yaulere. Malire amene anali masiku 398 anaikidwa kuti atsike kufika pa 200 mu Malichi 2026, pa 100 mu Malichi 2027, ndi pa 47 mu Malichi 2029. Pa masiku 47, wokonza ndi manja azibwerera ku seva pafupifupi kasanu ndi katatu pa chaka. Choncho polemba mgwirizano ndi wokonza webusaiti, funso loti satifiketi aiika lisathere pomwepo. Alembemo kuti izikonzedwanso yokha, kuti wayesa `--dry-run` n'kukuonetsani zotsatira zake, ndiponso dzina la amene foni yake izilira kukonzansoko kukalephera.