Disembala yopanda mkangano ku banki mkhonde yathu

Banki mkhonde yathu ya kuno ku Mbombwe inkatchuka ndi phokoso la mu Disembala. Tsiku logawana ndalama, mafoni onse ankatuluka m'zitenje, aliyense akusakasaka voisi ya miyezi yapitayo kuti imuikire umboni. Wina foni anagulitsa pogula feteleza. Wina mwana anafufuta mauthenga onse kuti mulowe nyimbo.

Mlandu umene unatitopetsa unali wa mayi wina amene anapita kukadwazika mwana pachipatala cha boma cha Chiradzulu. Anatumiza voisi pa gulu la WhatsApp: "Mayi a mpando, pepani sindibwera, ndalama ndapatsira alamu anga." Mawu aulemu ndithu. Koma ndalama zingati? Za masheya kapena zobweza ngongole? Alamuwo anapereka K5,000, mlembi n'kulemba ku masheya, pomwe mwiniwake ankabweza ngongole. Chiwongoladzanja chinapitiriza kukwera mwakachetechete, ndipo pogawana, voisi ija tinaimvetsera mobwerezabwereza osapezamo nambala ngakhale imodzi.

Chaka chino taonani ife! Tinagwirizana kuti ngati ukujomba msonkhano umodzi wokha ndipo palibe ndalama imene ikuyenda, voisi ndi yokwanira, bola ifike msonkhano usanayambe. Maliro sadikira cholembera, ndipo agogo amene sadziwa kulemba sitingawalipitse chindapusa chifukwa cha zimenezo. Mlembi amaiseweretsa pamaso pa onse, n'kulemba m'kaundula dzina, tsiku ndi chifukwa.

Koma ukatuma munthu ndi ndalama, ukapempha kuti tsiku lobweza ngongole lisunthidwe, kapena ukadziwa kuti usowa masabata angapo, pamafunika kalata. Si kalata yaitali ayi, kapepala kong'amba m'kope ndi kokwanira: tsiku, ndalama zake m'manambala, ntchito yake, dzina la wotumidwa, ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Wosalemba amauza mwana wa sukulu kuti amulembere. Kapepalako kamalowa m'bokosi limodzi ndi kaundula, ndipo bokosilo satsegula munthu mmodzi.

Mwambowu wafika mpaka m'makomo. Mnzathu wina, amuna ake ndi alonda ku Limbe, ndipo atadwala ankati angotumiza voisi kwa bwana. Mayiyo anakana: "Bambo, kaye katengeni kalata ya dokotala." Anachita bwino, chifukwa lamulo la ntchito la 2000 limapatsa munthu amene wagwira miyezi 12 tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi ena 8 pa theka, koma pokhapokha atasonyeza kalata ya dokotala wovomerezeka. Malipiro a mwezi umenewo anabwera osadulidwa.

Pogawana ulendo uno, mlembi anangotsegula bokosi n'kuwerenga timapepala motsatana ndi masiku. Mbatata zimene tinaika pamoto poyamba msonkhano zinali zisanapse pomwe msungichuma ankapereka envelopu yomaliza, ndipo mayi wa K5,000 uja ndi amene anayambitsa nthungululu.