Ludzu la Khanda, Kwathu Kuno ndi Maiko Ena

Mtundu uliwonse wa anthu pansi pa thambo uli ndi chakumwa chake chimene umamwetsa khanda pofuna kulitonthoza. Ife timalipatsa madzi pa sipuni, kapena mizu yonyika ya liwombo ndi ya m'mimba. Ajeremani amalifululira tiyi wa zitsamba. Ku Indiya amalinyambititsa uchi lisanalawe bere. Ndipo Angerezi anatipatsira gilaipiwota, amene William Woodward anayamba kusakaniza m'ma 1850, momwe kale munkakhala ndi mowa. Onsewa amatero mwa chikondi, koma mimba ndi impso za khanda n'zimodzimodzi kulikonse.

Tiyerekeze mwana wa miyezi itatu ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, akulira, agogo ake nanena kuti, "Mai a mwana, mpatseni timadzi, kukhosi kwauma." Agogowo sananame za ludzulo, chimene chawaphonya n'chakuti pa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, pafupifupi 88 ndi madzi, oyera ndi osefedwa kale, kotero kuti mwana woyamwa kawirikawiri wamwa ndi kudya nthawi imodzi. Akamwa madzi, kamimba kake kamadzaza ndi chinthu chopanda chakudya, nayamwa pang'ono. Ndipo popeza bere limapanga mkaka molingana ndi mmene layamwidwira, mkaka umayamba kuchepa, mai nayesa kuti wauma wokha.

Walira mvula walira matope. Kwathu kuno matope ake ndi tizilombo ta m'chitsime, m'kapu ndi m'mizu, timene timatsegula mwana m'mimba kufikira liwombo litalowa, ndipo liwombo lolowalo si loti alimate mankhwala, koma ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi ndipo athamangire naye kuchipatala. Ku Amereka, kumene madzi a m'mipope ndi aukhondo, tsoka limadzera khomo lina: makolo osauka, pofuna kuti mkaka wa m'chitini ukhalitse, amauchulutsira madzi, ndipo impso zanthete zikalephera kuwataya, mchere wa m'magazi umasungunuka, mwana nayamba kuwodzera, kuzizira thupi ndi kukomoka. Juwisi, amene kumeneko ankamuyesa wopatsa thanzi, madokotala a ana anamuletsa mu 2017 kwa mwana aliyense wosakwana chaka, chifukwa shuga wake amatsegula m'mimba. Uchi nawo umabisa kachilombo kofoola minofu ya khanda.

N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse linalangiza mu 2001 kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kupatula mankhwala a kuchipatala ndi Thanzi ORS mwana akadwala. Amene akumwetsa mkaka wa m'chitini asapyole muyeso wolembedwa pachitinipo, ndipo madzi ake akhale owiritsa. Agogo akakayikabe, awerenge matewera: akanyowa 6 kapena kuposa usana ndi usiku, mkodzo uli woyera, sikelo nikwera mwezi ndi mwezi, mdzukulu wawo akumwa mokwanira.