Chikwi kuchotsapo 347: kobwereka nkuti?

Ana ambiri akamachotsa 347 pa 1000 amakakamira poyambirira pomwe. Kumanja kuli 0, ndipo 7 sangachoke pa 0. Akati abwereke ku malo a makumi amapezanso 0, ku mazana chimodzimodzi. Wokhala ndi kanthu ndi 1 wa kumanzere yekha, yemwe ndi chikwi chathunthu.

Chikwicho chiyenera kuphwanyidwa pang'onopang'ono, monga wogulitsa amasinthira K1,000 kuti apeze chenji. Chikwi chisanduke mazana 10. Pa mazanawo tengani limodzi muliphwanye kukhala makumi 10, ndipo mazana atsala 9. Pa makumiwo tenganinso limodzi likhale 10 wa kumapeto, makumi atsale 9. Tsopano pamwamba pali 9, 9 ndi 10. Chiwerengero sichinasinthe: 900 kuphatikiza 90 kuphatikiza 10 ndi 1000 yemweyo.

Zotsalazo nzosavuta. Pa 10 kuchotsapo 7 patsala 3, pa 9 kuchotsapo 4 patsala 5, pa 9 kuchotsapo 3 patsala 6. Yankho ndi 653.

Cholakwika chofala ndi kulemba 10 pamwamba pa ziro aliyense, kuiwala kuti wobwereketsa amachepa. Wotero amapeza 763, yankho looneka bwinobwino pa pepala. Nchifukwa chake kutsimikiza sikofunika kudumpha, ngakhale belu litalira kale. Phatikizani yankho ndi chimene munachotsa: 653 ndi 347 zikupereka 1000 ndendende, pamene 763 ndi 347 zikupereka 1110, kupitirira ndi 110, zana ndi khumi zimene zinabwerekedwa koma osachotsedwa.