Pepala Loyenda ndi Katundu Wopita Kumudzi

Katoni yochoka ku Manchester kupita kwa amayi ku Dedza imadutsa m'manja mwa anthu a kasitomu a MRA, ndipo iwo amayamba ndi kuwerenga pepala lomwe mwamata pamwamba pake. Ku positi ofesi ya ku Britain mapepalawa alipo awiri. CN22 ndi ya katundu wosapitirira mapaundi 270, pomwe CN23 ndi ya wodula kuposa pamenepo. Onse amafunsa zofanana: muli chiyani, zingati, zikulemera bwanji, mtengo wake ndi wotani.

Ambiri amangochonga pamene palembedwa Gift n'kuona ngati athana nazo. Kumeneko n'kungonena chifukwa chomwe mukutumizira, simunatchule zomwe zili m'katimo. Mphatso nayonso ikhoza kulipitsidwa msonkho.

Tiyerekeze kuti mwalongedza nsapato, zovala ndi bulangete. Chilichonse chikhale pamzere wakewake: nsapato zachikopa za amayi, zatsopano, peyala imodzi, mapaundi 35, malaya a ana ovalidwa kale, asanu ndi atatu, mapaundi 16, bulangete limodzi latsopano, mapaundi 20. Zonse pamodzi mapaundi 71, choncho CN22 ikukwanira. Mawu akuti zatsopano kapena zovalidwa kale musawasiye, chifukwa ndi omwe amafotokoza kutsika kwa mtengo wa malayawo. Chinthu chakale mumalemba mtengo womwe chingagulidwe lero, osati womwe munagulira chikadali m'sitolo. Kuchuluka kwake nakonso kumanena zambiri. Mapeyala makumi awiri a nsapato zofanana amaoneka ngati a malonda, ngakhale mutalumbira kuti ndi a pachibale.

Pa nkhani ya mtengo ndi pomwe ndimadandaula kwambiri. Munthu amalemba mapaundi 10 pa katoni yonseyo poganiza kuti akupeputsira amayi msonkho. Koma wa kasitomu akakayikira ali ndi mphamvu yotsegula katoni n'kuika mtengo wake, ndipo mayi wokalamba yemwe sanaone risiti alibe poyambira kutsutsa. Katoniyo ikasowa panjira, popempha chipukuta misozi mudzavutikanso kunena kuti munali za mapaundi 71 pamene munasainira 10. Dziwaninso kuti powerengera msonkho, ndalama yotumizira imaphatikizidwa pa mtengo wa katunduyo.

Lembani mndandanda mukulongedza, katoni isanamatidwe, kuti kanthu koponyedwamo pomaliza kasaiwalike. Perefyumu ndi mabatire osungira moto wa foni saloledwa kupita kunja kudzera pa positi, ndipo akaoneka pa makina ounikira katoni yonse imatha kuimitsidwa. Pepala lina la mndandandawo liikeni m'kati pamodzi ndi makope a marisiti, poti lakunja limang'ambika kapena kunyowa. Kenako lijambuleni ndi foni, mutumizire amene akalandire katunduyo, pamodzi ndi nambala yolondolera. Dzina la wolandira lifanane ndi la pachitupa chake, osati loti Nambewe lomwe timawaitanira pakhomo, chifukwa pakauntala adzapempha chitupacho asanapereke katoni.