Wakhoza mayeso, koma siginecha ya bwana ikadali kutsogolo

Pa LinkedIn mauthenga otere sasowa. Mtsikana wavala suti yatsopano, pansi pa chithunzi walemba kuti wamaliza mayeso a ACCA, wapeza ntchito yake yoyamba ku kampani ya odite ku Blantyre, ndipo akuthokoza amene anamugwira dzanja. Anzake amamuyamikira n'kuyamba kumutchula kuti akauntanti wokwanira. Apa m'pamene ambiri timaphonya.

ACCA, bungwe la ku Britain limene achinyamata ambiri kuno amalembera mayeso ake, lili ndi mapepala 13, ndipo pepala lililonse ulikhoze ndi malikisi 50 pa 100. Koma wokhoza onsewo sanafike pokhala membala. Amatchedwa afiliyeti, ndipo saloledwa kulemba zilembo za ACCA kumapeto kwa dzina lake. Kuti afike pamenepo ayenera kumaliza phunziro la khalidwe pa ntchito, kugwira ntchito ya akaunti miyezi 36, ndi kuonetsa kuti waphunzira maluso 9 ali pa ntchitopo. Ngati mtsikana uja wayamba mu Januwale 2025 asanagwirepo kwina, miyezi yake idzakwana kumapeto kwa Disembala 2027.

Ndiye mukaona akuthokoza bwana wake, musayese ulemu chabe. Maluso ajawo munthu sadzichitira yekha umboni. Amalemba zimene wachita, mwachitsanzo m'mene anafananizira buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki n'kupeza cheke chimene chinalembedwa kawiri, kenaka womuyang'anira amawerenga n'kuvomereza. Woyang'anirayo ayenera kukhala akauntanti wovomerezeka, monga membala wa ICAM kuno kwathu kapena wa ACCA yomweyo, ndiponso woidziwa ntchito ya mwanayo ndi maso ake.

Zimandimvetsa chisoni kuona wachinyamata atatha zaka pa kampani yaing'ono, bwana wake ali katswiri pa malonda koma wopanda pepala la akaunti, iye osafunsa. Njira ilipo: bwanayo angathe kuchitira umboni miyezi, pomwe malusowo n'kuvomerezedwa ndi akauntanti wakunja amene amaona mabuku a kampaniyo. Koma zimenezi zimafuna kukonzeratu poyamba. Ukachoka pa ntchito osasainitsa, umadzayenda mtunda kusaka munthu amene anasamuka kalekale, mwinanso anakuiwala.

Pa kalembedwe ka uthengawo, chilungamo chiyambire pomwepo. Kunena kuti wamaliza mayeso n'kokwanira, ndipo n'chinthu chonyadira. Aphunzitsi ndi akuluakulu atchulidwe atavomera okha, koma maina a makasitomala ndi chithunzi cha desiki yodzaza mafayilo awo zisaoneke, chifukwa kusunga chinsinsi ndi limodzi mwa malamulo a ntchitoyi.

Inu amene mwangoyamba kumene, sabata yoyamba yomweyi funsani abwana ngati ali membala wa bungwe la akauntanti, ndiponso ngati angavomere kukusainirani.