Gemu ikamafera pakhomo: kuchoka pa DirectX 11 kupita pa Vulkan

Munthu wadina Play, sikirini yada bii kwa kanthawi, kenaka wangopezeka ali pomwe anayambira, gemu yadzitseka yokha. Ambiri zikatere amathamangira kufufuta gemu yonse n'kuyikopanso. Kwa Baldur's Gate 3, gemu ya kampani ya ku Belgium ya Larian Studios yomwe inatuluka pa 3 Ogasiti 2023, kuteroko n'kumwaza ndalama za bando, pakuti imafuna malo okwana magigabaiti 150. Chikhalirecho nthawi zina mankhwala ake satenga n'komwe mphindi ziwiri.

Gemu simalankhula mwachindunji ndi khadi yojambula zithunzi ya m'kompyuta. Pakati pamakhala womasulira, ndipo Baldur's Gate 3 ya pa Windows ili ndi awiri. Woyamba ndi DirectX 11 wa kampani ya Microsoft, amene anabwera mu 2009 pamodzi ndi Windows 7. Wachiwiri ndi Vulkan, amene bungwe la Khronos Group linamutulutsa mu 2016 pogwiritsa ntchito maziko a Mantle ya kampani ya AMD. DirectX 11 amasiyira dalaivala ya khadi ntchito zambiri, monga kugawa memore, pomwe Vulkan amasenzetsa ntchitozo olemba gemu. Dalaivala imodzi yomweyo imakhala ndi zigawo zosiyana zotumikira awiriwa, n'chifukwa chake cholakwika cha mbali imodzi chimatha kusiya mbali inayo ili bwinobwino.

Vuto n'lakuti gemu yofera pakhomo siyipatsa munthu mpata wofika pa menyu. Kusinthako kuyenera kuchitikira kunja kwake. Apa a Larian anaganiza bwino: kapulogalamu kawo kamene kamatsogola gemu isanatseguke kali ndi posankhira DirectX 11 kapena Vulkan. Amene gemu ikumugwera pa DirectX 11 asankhe Vulkan n'kuyesanso.

Nanga kapulogalamuko kakamavutanso? Pa Steam, munthu adine dzina la gemu ndi batani lakumanja la mbewa, asankhe Manage kenaka Browse local files, n'kutsegula foda ya `bin`. M'menemo muli mafayilo awiri ofunika:

```
bg3.exe
bg3_dx11.exe
```

Loyambalo ndi la Vulkan, lachiwiri ndi la DirectX 11. Kudina kawiri pa `bg3.exe` kumatsegula gemu popanda kudutsa kwina. Masevu sasokonekera, chifukwa onse awiri amawerenga foda imodzi. Ulendo woyamba gemu itha kuchedwa kapena kudukizadukiza, pakuti timapulogalamu tojambulira kuwala ndi mithunzi timafunika kukonzedwanso kuti tigwirizane ndi womasulira watsopanoyo. Zimenezi si kuwonongeka, ndipo kuzimitsa kompyuta mwaphuma pa nthawiyi n'kudzibwezera m'mbuyo.

Wofuna kudziwa chenicheni chimene chagwetsa gemu atsegule Event Viewer, alowe mu Windows Logs kenaka Application, n'kuyang'ana mzere wa Faulting module name pa cholakwika cha nthawi imene gemu inagwa. Pa khadi ya NVIDIA, dzina loti `nvwgf2umx.dll` limaloza ku chigawo cha DirectX, choncho Vulkan ali ndi mwayi wothandiza. Likatuluka `nvoglv64.dll` ndiye kuti chagwa ndi chigawo chimene Vulkan amadalira, ndipo njira yake n'kubwerera ku DirectX 11. Dzina likakhala la fayilo ya gemu yeniyeniyo, kusintha womasulira mwina sikungaphule kanthu. Pamenepo ndi bwino kugwiritsa ntchito Verify integrity of game files ya pa Steam, imene imakopanso mafayilo owonongeka okha, osati gemu yonse.

Vulkan nayenso ali ndi zake. Iye amabwera ndi dalaivala ya wopanga khadi, kotero dalaivala ikakhala yakalekale atha kukaniratu kudzuka. Mapulogalamu ojambula sikirini kapena oonetsa manambala pamwamba pa gemu amadzilowetsa pakati pa Vulkan ndi gemu, ndipo imodzi ikakhala yachikale imagwetsa zonse. Kuwatseka musanayese n'kofunika. Malaputopu a makhadi awiri, monga Intel yaing'ono ndi NVIDIA yamphamvu, amabweretsa mutu wina: gemu ikhoza kugwira yofookayo. Izi zimakonzedwa mu Settings, pa System, Display kenaka Graphics, posankha High performance pa fayilo ya gemuyo.

Magemu ena ali ndi makomo awo. Dota 2 imamvera mawu olembedwa mu Launch Options ya pa Steam, `-vulkan` kapena `-dx11`. Red Dead Redemption 2, yomwe imasankha pakati pa Vulkan ndi DirectX 12, imasunga chisankhocho mu fayilo ya `system.xml`, ndipo wosintha fayiloyi ayambe wasunga kope lake pambali.

Gemu ikamagwabe pa omasulira onse awiri, yafika nthawi yoyerekeza kompyuta ndi zimene a Larian analemba kuti n'zochepetsetsa: memore ya magigabaiti 8, ndi khadi ya GTX 970 kapena RX 480 yokhala ndi magigabaiti 4 akeake. Laputopu ya mu ofesi yopanda khadi yotereyi singapulumutsidwe ndi Vulkan.