Kusambika galu yekha sikuthetsa utitili

Banja la ku Wusakile mu Kitwe kapena ku Chifubu mu Ndola likatseka nyumba mwezi wathunthu ndi kupita kumudzi pamodzi ndi galu wao, pobwela lingadabwe kuona utitili ukulumphila ana m'miyendo atangolowa pakhomo. Ena amaganiza kuti wacokela kwa anansi. Iai, unali m'nyumba momwemo kuyembekeza.

Utitili umene umaoneka pa galu kapena mphaka ndi wocepa cabe. Waukazi umodzi ungaikile mazila 40 kufikila 50 pa tsiku, ndipo mazilawo samatilila ku ubweya. Amagwela pa saka pogona galu, m'ming'alu ya simenti ndi pansi pa mipando. Pakapita masiku owelengeka amaswa timphutsi timene timathawa kuwala, ndipo pambuyo pake timadzikulunga m'tizikwa. M'cikwamo utitili ungakhale miyezi, mankhwala osaufika bwino, kufikila utamva mapazi ndi kutentha kwa thupi. Nyengo ya mvula, kuyambila Novembala, umaswana msanga koposa.

Ndiye cifukwa cake galu wosambitsidwa Loweluka amayambanso kudzikanda Lolemba. Nchito yonse iyenela kucitika tsiku limodzi. Ziweto zonse za pakhomo zilandile mankhwala, ngakhale zimene sizidzikanda. Masaka ndi nsanza zogonapo zichapidwe m'madzi otentha ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo zakutha zitenthedwe. Mabulangete a ana asaiwalike ngati mphaka amakwela pabedi. Pansi pasesedwe kufikila m'makona ndi kukolopedwa. Zinyalalazo zitenthedwe, osati kuzitaya kuseli kwa nyumba kumene galu amapumula masana. Nyumba yozila ndi dothi izilidwenso kuti ming'alu itsekeke.

Pa mankhwala mpamene ambili amalakwa. Sopo amapha utitili umene uli pa thupi tsikulo, koma sateteza mawa. Mankhwala a fipuloniyo, odonthezela pakhungu kumbuyo kwa khosi, amagwila nchito pafupifupi mwezi umodzi, ndipo muyeso wake umatsata kulemela kwa ciweto. Asambike galu masiku awili cisanafike kapena citapita cidonthezo, osati tsiku lomwelo. Mankhwala a galu okhala ndi pemethulini angaphe mphaka: amayamba kunjenjemela ndi kucucha dovu. Dibi ya ng'ombe ndi palafini nazo zisayesedwe. Wokayika afunse ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lake.

Kusesa kupitilize tsiku ndi tsiku, kuchapa sabata iliyonse, kwa miyezi itatu. Utitili ukaonekanso sabata yaciwili si kuti mankhwala alephela. Ndi uja wotuluka m'zikwa. Pofuna kudziwa ngati watha, mwini apese galu pamwamba pa pepala loyela lonyowa. Tinthu takuda tikagwa ndi kusanduka tofiila, ndi ndowe za utitili zokhala ndi magazi, ndipo nchito ikalipo.